Khadi lili m'thumba koma yankho silikutuluka: kukonza khadi la Namondwe Freddy

Chaka chilichonse teremu yachiwiri ikamatha, ana anga a Fomu 4 amayamba kuyenda ndi timakhadi tomanga ndi labala m'matumba a yunifolomu. Amawerenga ali pa mzere wa minibasi ku Limbe, amawerenga podikira nsima. Ndiyeno ndikapereka funso loyeserera lakuti afotokoze zomwe zinayambitsa ngozi ya Namondwe Freddy mu Blantyre ndi kuunika mmene anthu anachitira nayo, mayankho amabwera ofanana ngati anabadwa kwa mayi mmodzi: kunagwa mvula yambiri, anthu ambiri anafa, nyumba zambiri zinagwa, boma linathandiza. Mwana amene walemba zimenezi ndi yemwe uja khadi lake ladzaza mbali zonse ziwiri mpaka m'mphepete.

Vutoli ndalionapo kambirimbiri, ndipo nthawi zambiri silichokera pa ulesi. Limachokera pa mmene khadilo linapangidwira. Mwana amatenga notsi za masamba anayi n'kuzifinyira pa kapepala kamodzi ndi zilembo zonga nyerere, n'kuganiza kuti wapanga khadi. Wangochepetsa kope. Khadi la chitsanzo chenicheni, chimene ana amachitcha kesi sitade pa jogalafe kapena pa phunziro la bizinesi, ntchito yake ndi ina: kusunga mfundo zochepa zimene iliyonse ikukoka inzake, kuti mukakumbukira imodzi zinazo zibwere zokha. Ndigwiritsa ntchito Freddy poonetsa pomwe makhadi amafera, chifukwa tonse kuno tinamuona ndi maso, komanso chifukwa manambala ake ndi amene amasokoneza kwambiri.

Ndinene kaye chinthu chimodzi kwa aphunzitsi anzanga. Kwa ana ena a ku Chilobwe, ku Manja ndi kwina, Freddy si phunziro ayi, ndi maliro a pakhomo pawo. Mwana wotere musamukakamize. Njira yomweyi imagwira pa namondwe Idai wa 2019, pa namondwe Ana wa Januwale 2022, kapena pa madzi osefukira a Januwale 2015.

Manambala akutsutsana, ndipo simukudziwa loti mulembe

Uku ndiye kudandaula kumene ndimamva kwambiri. Wina walemba kuti anafa anthu 99, mnzake 326, wachitatu 679, wachinayi akuti oposa 1,000. Amakangana mpaka kubwera kwa ine kuti ndiweruze amene wanama. Palibe wanama. Onse analemba nambala yoona ya tsiku losiyana.

Pa 13 Malichi 2023, tsiku limene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DoDMA, inalengeza kuti anthu 99 afa, ndipo 85 mwa iwo anali a mu Blantyre. Mawa lake chiwerengero chinafika 190, kenaka 225, ndipo pa 16 Malichi chinali 326. Chinkakwera chifukwa anthu ankafukulabe m'matope, ndipo ku Mulanje ndi ku Phalombe kunali madera amene sankafikirika popeza milatho inali itapita. Kafukufuku wamkulu amene boma linachita ndi mabungwe othandiza ngoziyo itadutsa anapeza kuti anthu 679 anafa ndipo 537 sankadziwika komwe ali. Mukaphatikiza ziwirizi mupeza 1,216, ndipo m'pamene mumvetse chifukwa chake ena amati oposa 1,000: ambiri mwa osowawo sanapezekenso.

Choncho nambala ya pa khadi isamayende yokha. Iyende ndi zinthu zitatu: ikuwerenga chiyani, ya dera liti, ndipo ndi ya liti kapena inachokera kwa yani. Musalembe kuti "679" basi. Lembani kuti "anafa 679, osowa 537, Malawi yense, kafukufuku wa boma wa pambuyo pa ngozi, 2023." Mawu ake ndi ochepa ndithu, amakwana mzere umodzi. Ngati nambala mwaimva kwa mnzanu ndipo sangakuuzeni komwe anaitenga, isalowe pa khadi. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Cholakwa chimene chimadya malikisi mwakachetechete ndi cha dera. Mwana amalemba kuti mu Blantyre munafa anthu 679. Imeneyo ndi nambala ya dziko lonse, ya maboma ambiri a chigawo cha kummwera. Wochonga amene akuidziwa nkhaniyi akaona zimenezo amayamba kukayikira ndi manambala ena onse a mu yankholo. Ine ndimauza ana kuti alembe manambala a dziko lonse ndi bolopeni ya buluu, a mu Blantyre ndi yofiira. Diso limazolowera, ndipo m'chipinda cha mayeso mumakumbukira mtundu wake musanakumbukire nambalayo.

Palinso msampha wa 85 uja. Mwa 99, anthu 85 ndi pafupifupi 86 peresenti, ndiye mwana wochenjera pa masamu amalemba kuti ambiri mwa amene anafa anali a mu Blantyre. Zinali choncho pa tsiku loyamba lokha, chifukwa kuno n'kumene owerenga ankafika msanga ndipo chipatala cha Gulupu chili pafupi. Gawo la tsiku loyamba simungaliike pa chiwerengero chomaliza. Mukafuna kuisunga nambalayi, isungeni ndi tsiku lake, ndipo ikuthandizani pa mfundo ina yabwino: ngozi ikachitika, za m'tauni zimamveka msanga kuposa za kumudzi.

Ndalama nazo zili ndi msampha wawo. Kafukufuku yemwe uja anati katundu woonongeka pamodzi ndi zimene anthu analuza zinakwana madola a ku America 506.7 miliyoni, ndipo kuti akonzenso zinthu pafunika madola 680.4 miliyoni. Ana amakonda kusandutsa ndalamazi kukhala makwacha kuti zimveke zambiri. Musatero. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu inagwetsa kwacha kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa dola imodzi. Madola 506.7 miliyoni pa mtengo woyambawo ndi pafupifupi K598 biliyoni, pa wachiwiriwo ndi K861 biliyoni. Nyumba zomwezo, milatho yomweyo, koma manambala awiri otalikirana. Siyani m'madola monga zinalembedwera. Ndipo musasinthanitse awiriwa: 506.7 ndi zimene zinapita, 680.4 ndi zofunika pomanganso. Yachiwiriyi ndi yaikulu chifukwa mlatho umene wakokoloka suyenera kumangidwa mofanana ndi wakalewo, uyenera kulimba kuposa pamenepo.

Manambala achuluka, palibe imene ikukhala m'mutu

Mukaona kuti mukamawerenga khadi mumadziwa zonse koma mukalitembenuza zonse zathawa, werengani manambala amene alipo. Akaposa asanu ndi awiri, vuto ndi lomwelo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pa khadi la Freddy ine ndimalola awa okha: masiku 36 amene namondweyu anakhala ndi moyo, amene bungwe la zanyengo la dziko lonse linatsimikiza kuti ndi ochuluka kuposa a namondwe wina aliyense wodziwika, anafa ndi osowa, anthu 659,278 amene anasowa pokhala, anthu pafupifupi 2.3 miliyoni amene anakhudzidwa. Ndi madola awiri aja.

Kenaka azungulizeni. Palibe wochonga amene adzakulandeni malikisi chifukwa mwalemba kuti "pafupifupi 659,000" m'malo mwa 659,278, koma mukayesa kuloweza manambala onse asanu ndi limodziwo n'kulemba 695,278, mwalakwa. Chimene chimagwiritsa nambala m'mutu ndi kuiyerekeza ndi chinthu chimene mukuchidziwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 800,264 mu mzinda wa Blantyre. Ndiye kuti amene anasowa pokhala m'chigawo cha kummwera akufanana ndi anthu anayi mwa asanu alionse a mu mzinda uno. Tangoganizani Ndirande, Bangwe, Zingwangwa, Chilomoni, Mbayani ndi Machinjiri, ambiri mwa anthu ake ali panja ndi mitolo pamutu. Nambala imeneyo simudzaiiwalanso. Ndipo mukagawa 659,000 ndi 2.3 miliyoni mupeza kuti mwa anthu khumi alionse okhudzidwa, pafupifupi atatu anachoka m'nyumba zawo. Chiganizo chimenecho pa yankho chimaonetsa kuti nambala mukuimvetsa, simunangoinyamula.

Zifukwa zili pa khadi koma simutha kuzifotokoza

Apa ndi pamene ndikhalitsepo, chifukwa malikisi ambiri amatayika pamenepa. Khadi lodwala matendawa limaoneka chonchi: pansi pa mutu wa zoyambitsa pali mawu anayi oima paokha, mvula, kudula mitengo, umphawi, kusintha kwa nyengo. Onse ndi oona. Koma funso likati fotokozani, likufuna kuti muonetse njira imene chinthu china chinabalira chinzake, ndipo mawu oima paokha alibe njira. Mwana amafika pa mayeso n'kulemba kuti kudula mitengo kunayambitsa ngozi, basi chiganizo chatha, sakudziwa chotsatira.

Mankhwala ake ndi kulemba chifukwa chilichonse ngati unyolo wa mfundo zitatu, zolumikizidwa ndi mivi. Tengani kudula mitengo. Mitengo ya m'phiri la Soche inatha ndi makala, nkhuni ndi malo omanga. Dothi linatsala lopanda mizu yoligwira ndi masamba otchinga mvula. Mvula ya masiku angapo italidzaza madzi, linalemera n'kutsetsereka pamodzi ndi miyala. Pa khadi zimenezi zimakhala mawu khumi ndi awiri kapena khumi ndi asanu okha ndi mivi iwiri. Pa yankho zimasanduka ndime yathunthu, chifukwa muvi uliwonse umakhala liwu lakuti "motero" kapena "chifukwa cha ichi".

Chitaninso chimodzimodzi ndi malo okhala. Anthu amabwera m'tauni kudzafuna ntchito. Malo athyathyathya ndi odula ndipo lendi yake sangaikwanitse. Amamanga pa mtsetse wa phiri ndi m'mbali mwa mitsinje, nthawi zambiri ndi zidina kapena njerwa zomangira dothi, zimene zimafewa zikanyowa masiku angapo. Mwaona kuti liwu lija lakuti umphawi silikuonekanso, koma tsopano likugwira ntchito.

Namondwe mwiniwakeyo nayenso ali ndi unyolo wake, ndipo uwu ndi umene ana amaudumpha chifukwa amaona ngati ndi za mutu wina. Anamondwe otere amabadwa pa nyanja yamchere yotentha madigiri pafupifupi 27, pomwe nthunzi yambiri imakwera n'kuwapatsa mphamvu. Freddy anayambira kumpoto chakumadzulo kwa Australia kumayambiriro a Febuluwale 2023, anaoloka nyanja ya India yonse, anagunda Madagascar pa 21 Febuluwale, n'kulowa Mozambique pa 24 Febuluwale. M'malo mofera pamtunda, anabwereranso pa nyanja yofunda ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar, kumene anatolanso mphamvu ndi chinyezi, n'kulowanso kachiwiri pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Kuchokera apo anayenda pang'onopang'ono, motero mvula inakhuthukira malo amodzimodzi kwa masiku angapo, ndipo mapiri athu anakankhira mpweya wonyowawo m'mwamba n'kuonjezera mvulayo. Onjezani kuti Malichi ndi kumapeto kwa dzinja, nthaka inali itamwa kale. Mfundo yofunika kuisunga ndi iyi: ku Malawi chimene chinapha anthu ambiri si mphepo, ndi madzi ndi matope. Mwana amene amalemba za madenga osasuka yekhayekha wakopera chitsanzo cha dziko lina.

Pa khadi gawani zifukwazi pawiri, zachilengedwe kumanzere, zochita anthu kumanja. Maunyolo awiri mbali iliyonse akwana. Kugawa kumeneku sikungokongoletsa khadi, mudzakufuna pofika pounika.

Pali kusokoneza kwina kumene ndimakuona chaka ndi chaka: kusefukira kwa madzi kumalembedwa pa zoyambitsa, kenaka n'kulembedwanso pa zotsatira. Mwanayo sanalakwitse kwenikweni, chifukwa kusefukira ndi chotsatira cha mvula komanso choyambitsa kugwa kwa milatho. Chimene sanachite n'kusankha pakati pa khadi lake. Lembani pamwamba chiganizo chimodzi chonena chimene chinachitika: "matope ndi madzi osefukira kummwera kwa Malawi, 11 mpaka 15 Malichi 2023." Chilichonse chobwera chisanachitike chimenecho ndi choyambitsa, chilichonse chobwera pambuyo pake ndi chotsatira. Mkangano umathera pomwepo.

Akuluakulu akwathu matope otsika m'phiri chonchi amawatcha napolo, ndipo a ku Phalombe amakumbukira wa mu Malichi 1991. Dzinali ndi labwino polankhula ndi agogo, ndipo limakukumbutsani kuti zimenezi sizinayambe ndi Freddy. Koma pa yankho lembani za dothi, mtsetse ndi madzi.

Zotsatira zonse ndi imfa ndi nyumba

Vuto ili ndi losavuta kulizindikira: funso likufuna zotsatira zinayi, inu muli ndi ziwiri, ndiye mukuzibwereza ndi mawu ena. Jambulani mtanda pa theka la khadi kuti pakhale timabokosi tinayi. Awiri apamwamba ndi za nthawi yomweyo, awiri apansi ndi zimene zinatenga miyezi kapena zaka. Kumanzere za anthu, kumanja za chuma ndi chilengedwe. Bokosi lopanda kanthu limakuuzani lokha pomwe simunafufuze.

Pamwamba kumanzere mulowa imfa, ovulala ndi osowa pokhala. Pamwamba kumanja mulowa misewu ndi milatho yoduka, ndi magetsi: zinyalala ndi matope mu mtsinje wa Shire zinachititsa kuti makina a ku Nkula ndi Tedzani aimitsidwe, pomwe Kapichira anali ataonongeka kale ndi Ana mu 2022. Pansi kumanzere ikani sukulu zimene zinatsekedwa kapena kusanduka misasa, ndi chiopsezo cha kolera, amene anali atayamba kale mu 2022 ndipo anali woopsa kuposa wina aliyense m'mbiri ya dziko lino. Samalani pamenepa: Freddy sanabweretse kolera, anaonjezera chiopsezo chake pogwetsa zimbudzi ndi kuipitsa madzi akumwa. Pansi kumanja ikani mbewu zimene zinakokoloka kutangotsala milungu yochepa kuti anthu akolole, ndi minda yokwiririka ndi mchenga ndi miyala.

Mbali younika ilibe kanthu, kapena yangoti boma linathandiza

Iyi ndi mbali imene makhadi ambiri alibe n'komwe, chifukwa m'notsi simupezeka. Manambala mungakopere, zifukwa mungakopere, koma kuunika muyenera kuganiza nokha, ndipo n'chifukwa chake kumasiyanitsa yankho lapakati ndi lapamwamba. Ana ambiri amasokoneza kuunika ndi kutchula zimene zinachitidwa. Kunena kuti Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza pa 13 Malichi kuti kummwera kwagwa ngozi, kuti anatsegula misasa, kuti Tanzania inatumiza mahelikopita, n'kufotokoza chabe. Kuunika kumayamba pamene mwafunsa ngati zimenezo zinakwanira, kwa yani, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji.

Ine ndimaphunzitsa kuti mfundo younika ikhale ndi miyendo itatu: chimene chinachitidwa ndi ubwino wake, "koma" wake, ndi chigamulo chanu. Popanda "koma" mukungoyamikira. Popanda chigamulo mwasiya wochonga pa mphambano.

Tengani machenjezo. A nthambi ya zanyengo anachenjeza pa wailesi ndi pa mafoni namondweyu asanafike, ndipo amene anamva n'kukhala ndi kopita anapulumuka. Koma chenjezo limathandiza munthu amene ali ndi kothawira, ndipo wa lendi pa mtsetse wa Soche, amene katundu wake yense ali m'chipinda chimodzi ndipo akuopa akuba, satuluka chifukwa cha uthenga wokha. Chigamulo: chenjezo linali lofunika koma losakwanira popanda malo okonzedweratu othawirako. Pa khadi lembani mizere itatu yaifupi, umodzi wa mwendo uliwonse.

Tengani misasa ya m'sukulu. Inapereka denga msanga chifukwa nyumbazo zinalipo kale ndipo zili pafupi ndi anthu. Koma kuthithikana ndi kuchepa kwa zimbudzi kunali koopsa m'nyengo ya kolera, ndipo ana anataya masiku ophunzira. Chigamulo: yankho labwino la sabata yoyamba, loipa la mwezi wachitatu.

Ndiye pali funso lalikulu limene ndimafuna mwana aliyense akhale atalilingalira asanalowe m'mayeso: chinakula n'chiti, chilengedwe kapena zochita anthu? Apa m'pamene kugawa kuja kumabweza phindu. Mungati mvula yotere ikanaononga ngakhale phiri likanakhala ndi nkhalango yake yonse, chifukwa napolo amatsika ndi m'mapiri a mitengo omwe. Koma miyala ikagubuduka pa mtsetse wopanda nyumba sipha munthu. Chigamulo changa n'chakuti namondwe anabweretsa chiopsezo, koma malo amene anthu anamanga ndiwo anachulukitsa maliro mu Blantyre. Inu mukhoza kugamula mosiyana, bola muonetse umboni. Chimene sindilola ndi kulemba kuti zonse zinali zofunika mofanana, chifukwa kumeneko n'kuthawa funso.

Chenjezo limodzi pa kusintha kwa nyengo. Musalembe kuti kusintha kwa nyengo ndiko kunayambitsa Freddy, anamondwe analipo kalekale. Chimene mungalembe molimba mtima n'chakuti nyanja yofunda ndi mpweya wofunda zimanyamula chinyezi chambiri, motero mvula ya anamondwe imatha kukula. Ndipo mukhoza kutchula kuti kummwera kunagundidwa ndi Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, ndi Freddy mu 2023, moti mabanja ena anagwetsedwanso asanadzuke.

Khadi lenilenilo, ndi mmene mungadziwire kuti lachira

Dulani pepala lolimba kapena katoni ya sopo kukula ngati pepala la A4 lopindidwa m'zigawo zinayi. Musakulitse. Kuchepa kwa malo ndiko kumakukakamizani kusankha, ndipo kusankhako ndi theka la kuphunzira. Kumaso lembani dzina la chitsanzo, chiganizo chija cha chimene chinachitika, kamapu kakang'ono koonetsa Quelimane, Blantyre, Mulanje ndi mtsinje wa Shire, ndi manambala anu asanu ndi awiri aja. Kumbuyo ikani maunyolo a zifukwa pamwamba ndi mtanda wa zotsatira pansi. Kuunika ndimakupatsa khadi lakelake lachiwiri, lomangidwa ndi loyambalo, chifukwa kukapanikizidwa pa kona ndiko kumayamba kufufutika m'mutu. Manambala lembani ndi pensulo poyamba mpaka mutawatsimikiza ndi aphunzitsi.

Popeza mayeso a MANEB amabwera m'Chingerezi, khadi lilembeni m'Chingerezi, ndi mawu enieni a phunzirolo. Koma poliyesa gwiritsani Chichewa. Perekani khadi kwa mng'ono wanu kapena kwa amayi, inu mufotokoze unyolo umodzi pakamwa m'Chichewa, iwo azingofunsa kuti "ndiye zinatani?" Mukakakamira pakati, kapena mukapeza kuti mukungobwereza mawu a Chingerezi a pa khadi osatha kuwamasula, ndiye kuti munaloweza mawu, mfundo simunaimve. Bwererani pa muvi umene mwakakamirawo, kawirikawiri pamakhala pakusowa mfundo yapakati.

Kuyesa kwachiwiri n'kwa pepala loyera. Bisani khadi, dzipatseni mphindi zisanu, mulijambulenso kuchokera m'mutu. Yerekezani ndi lenileni, ndipo chimene mwaiwala chizungulizeni. Bwerezani mawa lake, kenaka pakapita masiku atatu, kenaka sabata. Nambala imene mwaiiwala katatu motsatizana musalimbane nayo: mwina ilibe chinthu choiyerekeza nacho, mwina sikugwira ntchito iliyonse pa khadilo, ndipo ichotseni. Kungoyang'ana khadi m'minibasi kumakunamizani, chifukwa diso likazolowera tsamba mumamva ngati mukudziwa.

Kuyesa kwachitatu n'kwa mafunso. Khadi limodzi liyankhe mafunso atatu osiyana: lofuna kutchula zotsatira, lofuna kufotokoza zifukwa, ndi lofuna kuunika zimene zinachitidwa. Cholakwa chimene chimaoneka apa n'kukhuthula khadi lonse pa funso lililonse. Funso likafunsa zochita anthu, masiku 36 aja ndi ulendo wa ku Madagascar zikhale m'thumba, ngakhale zikukuyabwani kuti muzilembe.

Amene mukuchita za bizinesi, mafupa a khadi ndi omwewa, nyama yokha ndiyo isintha. Kugwa kwa kwacha kwa Novembala 2023 kuja kumapanga khadi labwino. Pakati pake ndi dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Unyolo wa chifukwa: dziko limagula kunja zambiri kuposa zimene limagulitsa, madola amasowa m'mabanki, mtengo wa pamsika wamseri umathawa wa boma. Unyolo wa chotsatira pa wamalonda wa ku Limbe amene amaoda katundu kunja: katundu wa madola 1,000 amene ankamudya K1,180,000 anayamba kumudya K1,700,000, ndiye akweze mitengo n'kutaya makasitomala, kapena asunge mitengo n'kudya phindu lake. "Koma" wake ndi wakuti wogulitsa tiyi kapena fodya kunja amalandira makwacha ambiri pa dola yomweyo, ngakhale feteleza ndi mafuta amene amagula nazonso zakwera. Ndipo samalani ndi 44 peresenti imene inalengezedwa: imeneyo ndi mmene mtengo wa dola unakwerera, 520 kugawa ndi 1,180. Mukawerengera mbali inayo, madola amene kwacha imodzi ingagule anatsika ndi pafupifupi 31 peresenti, 520 kugawa ndi 1,700. Pa khadi lembani kuti 44 yanuyo ikuyeza chiti.